Buluku langa linasesa Mkaika yonse: nkhani ya 32 ndi 32

Amene munali ku Kulamba chaka chatha, ngati munaona mnyamata wamfupi wokhala ndi kamera pakhosi akuyenda ngati waponda ulimbo, dzanja limodzi litagwira buluku pa ntchafu, ndinali ine. Mwambo umene uja umachitika Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti ku Mkaika, ku Katete, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ogasiti ku Katete ndi fumbi lokhalokha. Gule akalowa m'bwalo fumbi limakwera mpaka m'mano. Ine ndinali nditavala buluku lakuda la sutu limene ndinagula pa salaula ku Lusaka madzulo a Lachinayi, ndikuthamangira basi. Pofika masana, kumbuyo kwa miyendo yonse iwiri kunali kutasanduka kofiira, ndipo chidendene cha nsapato chinali chitaboola nsalu. Mtsikana wina wogulitsa madzi anandiyang'ana pansi, n'kundiyang'ana kumaso, ati, "Abwana, mwabwereka kwa atate anu?"

Chimene chinandipweteka si mawu ake, koma kuti ndinali nditawerenga lebulo. Ndinaona 32L, ndipo mumtima ndinati chiuno ndi 32, kutalika ndi 32, ndingopinda pang'ono basi. Wogulitsa nayenso anandilimbitsa mtima, ati, "Iyi ni saizi yanu boyi, tengani chabe, simuzabwela kudandaula." Zoona sindinabwerere kukadandaula, chifukwa ndinali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera pa tebulo lake.

Tiyeni tiyambe ndi zimene manambala aja amanena, chifukwa ambiri a ife timangodziwa imodzi. Ukafunsa munthu saizi yake amati "ndimavala 32", kwatha. Pa jinzi zambiri pamakhala manambala awiri, monga W32 L34, kapena 32/34, kapena 32x34. Yoyamba nthawi zonse ndi chiuno, kuzungulira pamene pamadutsa lamba. Yachiwiri ndi kutalika kwa mwendo. Onse awiri ali mu mainchi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Ndiye chiuno cha 32 ndi masentimita 81, cha 34 ndi 86. Kumbali ya mwendo, L30 ndi masentimita 76, L32 ndi 81, L34 ndi 86.

Pamene anthu ambiri amagwa ndi pa nambala yachiwiriyi. Siyeza buluku lonse kuchokera pa lamba mpaka pansi ayi. Imayeza msoko wa m'kati mwa mwendo, kuyambira m'mphechepeche, pamene misoko inayi imakumana pansi pa zipi, kutsika mpaka pa mpindiro wa pansi. Mukatenga tepi n'kuyeza kunja, kuchokera pa lamba kudutsa pa thumba mpaka pansi, mupeza mainchi 40 kapena kuposa, ndiye muyamba kusaka buluku lolembedwa L40 limene simudzalipeza pa msika uliwonse kuyambira ku Soweto mpaka ku Chipata.

Nanga 32L yanga ija? Mabuluku a sutu, makamaka ochokera ku Britain amene amadzaza mabelo a salaula, nthawi zambiri salemba nambala ya mwendo. Amalemba chiuno, kenako chilembo chimodzi. S ndi lalifupi, R ndi lapakati, L ndi lalitali. Kampani iliyonse ili ndi muyezo wake, koma kawirikawiri S imagwera pa mainchi 29 kapena 30, R pa 31 kapena 32, L pa 33 kapena 34. Choncho L32 ndi 32L ndi nyama ziwiri zosiyana. L ikakhala kutsogolo kwa nambala, nambalayo ndi ya mwendo. Ikakhala kumbuyo, nambalayo ndi ya chiuno ndipo L ikukuuzani kuti buluku linasokedwera munthu wa miyendo ya ng'ongwe. Ine mwendo wanga ndi 30. Ndinagula 34. Masentimita 10 a nsalu yotsala ndi amene anasesa bwalo la Gawa Undi mwaulere.

Palinso malebulo ena awiri amene mudzakumana nawo. Mukaona 48 kapena 50 pa buluku looneka la saizi yanu, musalitaye poganiza kuti ndi la chimphona. Ndi mawerengedwe a ku Germany ndi ku Italy, ndipo mukachotsapo 16 mupeza chiuno mu mainchi: 48 ndi pafupifupi 32, 50 ndi pafupifupi 34. Pa zovala zatsopano za ku China, monga zambiri za m'mashopu a ku Kamwala, mungaone 175/82A. Apo 175 ndi msinkhu wa munthu yense mu masentimita, 82 ndi chiuno mu masentimita. Nambala ya mwendo palibe, amangoyerekeza kuchokera pa msinkhu.

Tsopano mwadziwa kuwerenga lebulo. Chotsatira ndi chakuti musaikhulupirire kwambiri. Makampani ambiri amasoka chiuno chachikulu kuposa nambala imene alemba, kuti wogula asangalale kuti akadali pa 32 pamene mimba inasamukira kale ku 34. Buluku lolembedwa 32 mukaliyeza mutha kupeza 33, nthawi zina 34. Komanso si mabuluku onse amene amakhala pa malo amodzi pathupi. Jinzi zambiri za achinyamata zimakhala m'munsi, pa mafupa a chiuno, pamene thupi ndi lotakata. Buluku la sutu limakwera kufupi ndi mchombo. Munthu mmodzi yemweyo, manambala awiri.

Pa salaula pali vuto lina lapadera. Buluku lija linali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali ndi telala wake. Lebulo ikunena L34, koma bambo wa ku Manchester anadulitsa kalekale kukhala 30. Pa jinzi mutha kuzindikira mukayang'ana mpindiro wa pansi. Wa ku fakitale umakhala ndi timizere toyera ndi takuda tosinthana, chifukwa cha kuchapidwa, ndipo ulusi wake umafanana ndi wa pa matumba. Wodulidwa umakhala wosalala, mtundu umodzi, ulusi wake nthawi zina wowonda kapena wa mtundu wina. Jinzi ya thonje imafupikanso pang'ono ikachapidwa ndi madzi otentha n'kuumitsidwa pa makina, ndipo ya salaula yadutsa kale m'zimenezo kambirimbiri. Ubwino wake ndi woti sidzafupikanso m'manja mwanu. Yatsopano ndi imene muyenera kuisiyira mpata wa chala chimodzi.

Ndikudziwa kuti wina akuti, "Ise timayeza pa khosi." Inde, njira ija yomanga batani n'kuzunguliza chiuno cha buluku pakhosi, kuti nsonga zikakumana kumbuyo ndiye kuti likwana. Ena amalowetsa mkono, chigongono mbali ina, nkhonya mbali ina. Sindinyoza, pa chiuno zimathandizako ngati thupi lanu ndi la pakatikati. Koma amene ali ndi kamimba ka mowa ndi khosi lowonda, njira imeneyi idzawanamiza. Ndipo khosi silidziwa chilichonse za kutalika kwa mwendo wanu.

Ndikanangosiyira pamenepo, kuti yezani ndi tepi ndipo likatalika pitani kwa telala. Atelala alipo, pa makhonde a mashopu ku Katete ndi ku Sinda makina opalasa ndi mapazi amalira tsiku lonse, ndipo magetsi akazima iwo sizimawakhudza. Koma mwezi wa Meyi chaka chino ndinakumana ndi buluku limene silikanatheka kudulidwa, ndipo silinali langa.

Mng'ono wanga amakhala ku Vubwi, kumalire kwenikweni, kumene foni nthawi zina imakulandirani ku Malawi muli m'munda mwanu. Amalima soya ndi mtedza. Anali kukwatira Loweruka, ndipo ndalama za sutu yogula panalibe, zinali zitapita ku mbuzi, ku mpunga ndi ku zoimbira. Tinagwirizana kuti ndibwereke sutu pa shopu ina yobwereketsa zovala za ukwati ku Katete, popeza ndinali kudutsa kumeneko Lachisanu, ndipite nayo kudzera ku Chadiza. Iye sakanatha kubwera kudzayesa. Ulendo wa ku Katete ndi kubwerera ukanamudyera tsiku lonse ndi ndalama ya thiransipoti imene analibe.

Amayi a pa shopupo anandiuza lamulo lawo ndisanakhale n'komwe pansi. "Mwana wanga, sutu yanga sailowetsa singano, sailowetsa lumo. Mukadula, mukasoka, mukabweza yong'ambika kunsi, dipoziti yapita." Dipozitiyo inali ndalama ya mng'ono wanga ya matumba a soya, imene anali kuyembekezera kuti ibwerere Lolemba kuti ayambire banja. Ndiye panali zinthu ziwiri zoopa. Buluku likafupika, mkwati aoneka ngati akuwoloka mtsinje pamaso pa apongozi. Likatalika, likwekwereza pansi, chidendene chiboola, ndalama yapita. Ine ndinali ndi umboni wa ku Mkaika m'mutu.

Usiku wa Lachinayi ndinali nditamuimbira foni.

"Iwe, umavala saizi yanji?"

"32, akulu."

"32 ya chiyani?"

Anakhala chete. Kenako ati, "Ya buluku."

Ndinamuuza kuti asadziyeze thupi. Kudziyeza wekha mwendo n'kovuta, ukawerama kuti uone tepi nambala imasintha. Njira yosavuta ndi kutenga buluku limene umalikonda, limene likafika pa nsapato umati apa ndiye pake, n'kuliyeza limenelo. Anatenga jinzi yake ya kutchalitchi. Ndinati amange batani, atseke zipi, aiyale pa mphasa, aisalaze ndi manja popanda kuikoka. Tepi anabwereka kwa mayi wina woyandikana naye amene amasoka. Apa ndinamuchenjeza chinthu chimene chinandipusitsapo kale. Matepi ena otchipa a ku China, mbali imene imaoneka ngati ya mainchi si mainchi, ndi muyezo wa kwawo umene gawo limodzi ndi masentimita 3.3. Kuti mudziwe, gwirani pa 10 n'kutembenuza tepi. Mukapeza 25 ndi kachidutswa, ndi mainchi enieni. Mukapeza 33, isiyeni mbali imeneyo. Ife tinagwiritsa ntchito masentimita okhaokha, kuti pasakhale mkangano.

Anayeza zinthu zinayi. Chiuno, kuchokera kumapeto kwina kufika kwina jinzi ili chigonere, chinali 42. Kuwirikiza kawiri ndi 84, amene ndi mainchi 33, ngakhale lebulo inali kunena 32. Msoko wa m'kati mwa mwendo unali 79, ndiye kuti mainchi 31. Kunja, kuchokera pamwamba pa lamba mpaka pansi, 101. Chomaliza ndinamufunsa kuti akavala jinziyo ndi nsapato zake za kanivasi, kumbuyo imathera pati. Ati pamatsala mpata wa chala chimodzi chachikulu kuti ikhudze pansi, tingoti masentimita awiri.

Mainchi 31. Ndinadziwiratu kuti mavuto ayamba, chifukwa mabuluku ambiri amadumpha awiriawiri, 30, 32, 34, ndipo anthu a 31 ndi 33 ndi ana amasiye a m'mashopu.

Lachisanu m'mawa amayi aja anatulutsa mabuluku awiri a buluu wakuda ogwirizana ndi jekete limodzi, lina 32S, lina 32R. Ndinatulutsa tepi yanga m'thumba. Anaseka, ati, "Atolankhani ayamba utelala?" Chiuno cha onse awiri chinali 42 ndi theka, ndiye kumeneko kunalibe nkhani. La S linali ndi mwendo wa masentimita 76, la R linali ndi 81. Mng'ono wanga amafuna 79. Lina lapelewera ndi 3, lina lapitirira ndi 2.

Musanathamangire kunena kuti 2 ndi wochepa kuposa 3, pali chinthu chimene chimasokoneza masamu amenewa. Nambala ya mwendo imayambira m'mphechepeche mwa buluku, osati mwa munthu. Buluku lina limakhala lolendewera pamenepo, lina limagwira thupi. Mabuluku awiri a mwendo wofanana atha kuthera malo osiyana ngati lina lili ndi mtunda wautali kuchokera pa batani kufika pansi pa zipi. N'chifukwa chake ndinamuyezetsanso kunja. La R kunja linali 106, la S linali 101, chimodzimodzi ndi jinzi yake. Munthu wopupuluma akanati S ndiye yake, onani 101 ndi 101. Koma jinzi amaivala m'munsi, pamene buluku la sutu limakwera pafupifupi masentimita atatu kulowera ku mchombo. Mukakweza S ndi atatu amenewo, pansi pake pakweranso ndi atatu. Mukakweza R, 106 ija ikhala ngati 103, kupitirira jinzi ndi awiri. Miyezo yonse iwiri inagwirizana, ndipo mtima unakhala pansi pang'ono.

Chotsatira chinali nsapato, ndipo apa ndi pamene nkhani ya kutalika imathera nthawi zambiri. Ndinamuimbiranso.

"Nsapato za mawa ndi ziti?"

"Zakuda zija za amalume."

"Yeza chidendene chake. Uyezenso cha kanivasi yako."

Za amalume zinali ndi chidendene cha masentimita atatu, kanivasi imodzi ndi theka. Ndiye kuti pa ukwati adzakhala atakwera ndi sentimita imodzi ndi theka kuposa masiku onse. Tiwerengere limodzi. Jinzi imasiya mpata wa awiri kumbuyo. Buluku la R ndi lalitali ndi awiri, mpata watha. Nsapato za amalume zikubweza umodzi ndi theka. Ndiye buluku lidzathera pa chidendene cha nsapato, pamwamba pa dothi ndi kampata kochepa. Silikhudza pansi, koma malire ake ndi a chala chimodzi.

Ndinayezanso kukamwa kwa mwendo, pansi penipeni, buluku lili chigonere. Kunali masentimita 20. Nambala imeneyi sailemba pa lebulo iliyonse, koma ndi imene imalamula ngati nsalu yotsala ioneka bwino kapena ayi. Mwendo wotakata chotere umatsika n'kuphimba zingwe za nsapato, n'kupanga khwinya limodzi kutsogolo, limene ndi mmene buluku la sutu liyenera kuonekera. Ukanakhala mwendo wothina, wa masentimita 16 kapena 17, sukanatha kudutsa pamwamba pa nsapato. Ukanaima pa kakolo, ndipo nsalu yonse yotsala ikanaunjikana pamenepo ngati sokosi yotha lasitiki.

Kumbali ya S, ndinaganiza za tsiku lenilenilo. Mkwati saima chilili tsiku lonse. Amagwada kutchalitchi, amakhala pa tebulo lapamwamba anthu onse akumuyang'ana, amavina polowa. Munthu akakhala pansi buluku limakwera zala ziwiri kapena zitatu chifukwa bondo limakoka nsalu. Buluku lopelewera kale ndi masentimita atatu, lotakata kunsi, likakwera chotero limaonetsa sokosi yonse ndi kachikopa ka mwendo pamwamba pake. Buluku lothina likafupika anthu amati ndi sitayilo, oimba ambiri amene ndimawajambula amavala choncho dala. Lotakata likafupika palibe amene amati sitayilo, limangouluka pamwamba pa nsapato ngati belu.

Ndinatenga R. Koma ndinadziwa kuti kampata ka chala chimodzi kaja kadalira chiuno. Ichi anthu ambiri sachiona: theka la mabuluku amene timati ndi aatali, vuto lake lili pamwamba. Chiuno chikakhala chokhwepa, buluku limatsetsereka pang'onopang'ono pamene mukuyenda, ndipo sentimita iliyonse imene latsika pamwamba imakafika pansi. Langa la ku Mkaika linali lalitali kale, koma foni ndi mabatire a kamera m'matumba zinalikokeranso pansi. Ndiye titafika ku Vubwi usiku, chinthu choyamba chinali kumuveka buluku ndi nsapato za amalume, n'kumuimika pa simenti ya pakhonde, osati pa mchenga pamene chidendene chimamira. Lamba wake anali ndi bowo lomaliza lokhwepa pang'ono. Tinatenthetsa msomali pa mbaula n'kuboola lina. Ndinamulanda foni ndi makiyi, ndinati m'matumba a buluku musalowe kanthu kolemera mpaka Lamlungu. Ndinamuyendetsa uku ndi uku, ine nditagwada kumbuyo ndi tochi ngati makanika. Azakhali anatulukira, ati, "Kodi mukumuyeza ngati ng'ombe ya pa msika?"

Wina afunsa kuti bwanji osangopindira m'kati n'kubaya mapini. Ndi njira ndithu, ngati buluku ndi lanu. Mumapindira m'kati, n'kubaya timapini totseka pa misoko iwiri ya m'mbali, pamene nsalu ndi yokhuthala ndipo pini siioneka. Koma pa nsalu yopyapyala ya sutu, munthu akavina pini imakoka ulusi n'kusiya kabowo, ndipo mukasita mpindirowo ndi simbi yamakala mzere wake sufufutika msanga. Amayi a ku Katete akanauona ali patali. Kupindira kunja, monga timachitira ndi jinzi, pa sutu ndiye ayi ndithu. Jinzi imalola chifukwa nsalu yake ndi yolimba, mpindiro umakhala pamene mwausiya, ndipo m'kati mwake mumaoneka bwino. Ngakhale pa jinzi pali malire. Mainchi awiri otsala mumapinda kawiri timipindiro ta chala chimodzi ndi theka, zatha. Mainchi anayi, ngati anga aja, mpindiro wake umakhala ngati nkhata ndipo bondo la buluku limakhala litatsikira pa msongolo.

Nkhani ya bondoyi ndi chifukwa china chimene telala sangakupulumutseni nthawi zonse, ngakhale buluku likhale lanu. Jinzi zong'ambidwa dala pa bondo, kapena zoyeretsedwa pa ntchafu, zinapangidwa kuti bondo likhale pa malo ake. Mukagula yaitali kwambiri n'kudula pansi, chibowo chija chimakhalabe pansi pa bondo lanu. Mabuluku a lasitiki kapena zipi pa kakolo, kudula ndiye kutaya chinthu chimene munagulira. Ovolosi ya kuntchito yokhala ndi mizere yowala usiku, imene ndi katundu wa kampani, nayonso simungaidule mwachisawawa. Pa a lasitiki musavutike mtima, inchi imodzi kapena ziwiri zotsala zimangokhala pamwamba pa lasitikiyo, sizifika pansi, ndiye tengani lalitali. Pa ovolosi yovala ndi jombo, lalitali pang'ono limaphimba kukamwa kwa jombo kuti mchenga ndi zoyaka za wedala zisalowe, koma likafika pokwekwereza pafupi ndi makina ndi ngozi, kapempheni lina.

Sikuti nthawi zonse lalitali ndilo labwino. Mnzake wa mng'ono wanga wochokera ku Sinda, amene anali pa mzere wa operekeza, ali ndi mwendo wa 31 yemweyo, ndipo iye amagula 30 nthawi zonse. Ntchito yake ndi ya njinga yonyamula anthu. Buluku lalitali ndi lotakata, mwendo wa kumanja umakodwa mu tcheni, girisi amadetsa, mano a giya amatafuna nsalu. Nyengo ya mvula matope amayamba kugwira pansi pa buluku asanagwire china chilichonse. Iye amasankha zothina kunsi, amavala ndi kanivasi yopanda chidendene, ndipo inchi imodzi yopelewera imaoneka ngati anachita kufuna. Ine ndemwe, chichokereni ku Mkaika, ndikapeza 29 ndi 31 pa jinzi yothina ndimatenga 29. Ndikapeza zomwezo pa buluku la kuofesi ndimatenga 31 ndi kuvala nsapato za chidendene. Kusiyana kukapitirira inchi imodzi ndi theka mbali iliyonse, ndipo kudula kapena kupinda sikutheka, ndimalibweza pa mulu, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo mpaka kulira.

Loweruka linafika. Kuchokera kutchalitchi kupita kunyumba ya phwando ndi njira ya dothi, ndipo ndinamuuza mkwati kuti pamenepo agwire buluku pang'ono pa ntchafu, monga ndinachitira ine chaka chatha, kusiyana kwake n'kwakuti iye anachita mamita ochepa chabe. Povina, ine m'malo mojambula nkhope ndinapezeka ndikujambula mapazi. Pa zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga, khumi ndi zinayi ndi za zidendene.

Lolemba m'mawa ndinali pa shopu ku Katete. Amayi aja sanayang'ane jekete n'komwe. Anatenga buluku, analitembenuza, anapita nalo pakhomo pamene pali dzuwa, n'kuyendetsa chala chachikulu kumbuyo kwa mpindiro wa mwendo uliwonse, pang'onopang'ono. Panali fumbi lofiira la ku Vubwi, lochoka ndi bulashi. Ulusi unali wonse. Anatsegula kabuku kawo, anawerenga ndalama kawiri, n'kundipatsa. Ndili pakhomo anandiitananso.

"Imwe a tepi. Loweruka likubwerali kuli ukwati wina, mkwati ali ku Sinda, sangabwere. Mungamuimbireko foni?"